Ndalipira, Nanga Bwanji Kanema Sakutseguka?

Loweruka lina masana, mpira wa ku Mangalande utatsala pang'ono kuyamba, mlamu wanga anandiimbira foni mawu ali m'mwamba. Anali atalipira m'mawa womwewo, meseji ya ndalama ili m'foni, koma pa kanema pankangooneka E16. Ana anali atakhala kale pamkeka. Nditawafunsa ngati magetsi analipo pamene ankalipira, anati anazima mbandakucha, abwera cha m'ma 2 koloko. Vuto linali pomwepo.

Dikoda ya dishi kapena ya eriyo imamva koma siyankhula. Mukalipira pa Airtel Money (*211#) kapena pa Mpamba (*444#), ndalama zimapita ku kampani, ndipo kampaniyo imatumiza uthenga wotsegula matchanelo kudzera mumlengalenga, wolunjika ku nambala ya dikoda yanu. Dikoda ikakhala yozimitsa, uthengawo umadutsa popanda woulandira, ndipo dikodayo ilibe njira youzira kampani kuti sinamve. N'chifukwa chake ndimalimbikira kunena kuti muziyamba mwayatsa dikoda musanalipire, ndipo muisiye ili choyaka mpaka zithunzi zitabwera.

Musanatulutse ndalama, yambani mwawerenga zimene kanema akunena. Pa DStv ndi GOtv, E16 imatanthauza kuti tchanelocho n'chotseka: mwina masiku atha, mwina tchanelocho sichili m'gulu la matchanelo amene munalipirira, kapena uthenga wotsegula uja sunafike. E48-32 ndi nkhani ina. Apo dikoda sikulandira kanthu kuchokera ku dishi kapena eriyo, kaya chifukwa cha mvula yamphamvu, chingwe chakhwepa, kapena mphepo yapotoza dishi. Ndaonapo anthu akulipira kachiwiri pofuna kuchotsa E48-32, ndipo zimandimvetsa chisoni, pakuti ndalama siingawongole dishi.

Kuti mudziwe tsiku lothera, mufunika nambala ya dikoda yanu. Pa GOtv imatchedwa IUC, ili ndi manambala 10, ndipo imalembedwa pa kapepala komatidwa kunsi kwa dikoda. Pa DStv ndi nambala ya khadi, yomwe ili pa khadi lenilenilo kapena kunsi kwa dikoda ngati ndi yopanda khadi lotulutsa. Kapepalako kakafufutika, dinani batani la Menu pa rimoti n'kupita pamene pali zokhudza dikodayo, pomwe pa madikoda ambiri akale pamalembedwa Information Central. Mukalowa ndi nambala imeneyi pa MyGOtv kapena MyDStv pa foni, mumaona gulu la matchanelo anu, tsiku lothera ndi ndalama yofunika kulipira. Kaenivelopu kamene kamaoneka pakona ya kanema musakanyozere, kawirikawiri kamakhala chikumbutso cha tsiku lomwelo. Nambalayi ilembeni m'kope, chifukwa kulakwitsa nambala imodzi yokha kungachititse kuti mulipirire dikoda ya munthu amene simumudziwa.

Makampani ena amagulitsa nambala yachinsinsi, ya pa khadi lokala ngati la mayunitsi kapena ya pa lisiti la ejenti. Kawirikawiri nambalayi imatumizidwa pa foni pamodzi ndi nambala ya dikoda, chifukwa chake n'chomwe chija. Koma alipo madikoda, makamaka olumikizidwa ku intaneti, amene amalandira nambalayo pa rimoti. Mumadina Menu, kupita pamene palembedwa Recharge kapena Activation, kulemba manambala onse osasiya mpata, kenako OK. Musathamangire kudina OK. Werengani kawiri mofananitsa ndi khadi, chifukwa rimoti ya mabatire ofooka imadumpha nambala, ndipo batani lokalamba limalemba 5 kawiri. Pokala, gwiritsani ntchito ndalama yachitsulo mofatsa, osati lezala, chifukwa 8 akakalika amaoneka ngati 3. Nambalayi imagwira kamodzi kokha, choncho musaijambule n'kutumizira aliyense musanailowetse, ndipo musataye khadi kapena lisiti mpaka tsiku lothera litasintha.

Pali msampha wina umene umagwira ambiri mitengo ikakwera. Tiyerekeze kuti gulu lanu linali K20,000 ndipo tsopano lili K22,000. Mukatumiza yakale ija, ndalama imalowa bwinobwino, meseji imabwera, koma matchanelo satseguka mpaka mutawonjezera K2,000 yotsalayo.

Kwa mlamu wanga tinayamba taona zimenezi. Pa MyGOtv tsiku lothera linali litasunthira kale mwezi wamawa, ngongole panalibe, ndiye tinadziwa kuti ndalama yakwana, chimene chasowa ndi uthenga basi. Ndinawauza kuti asiye dikoda pa tchanelo chotsekacho, apite pamalo ochotsera zolakwika mu pulogalamu yomweyo, asankhe E16. Kampani inatumizanso uthenga, ndipo patapita mphindi zochepa ndinamva ana akukuwa m'foni. Chigawo choyamba chinali chili pakati.