Maemoji mu imelo ya ntchito: akwane angati, akhale pati?

Imelo ya ntchito imatha kunyamula emoji imodzi popanda vuto. Awiri ndiye malire, ndipo akafika atatu wowerenga amayamba kuona zithunzi m'malo mwa uthenga. Palibe lamulo lolembedwa pankhaniyi. Chiwerengerochi chimachokera pa ntchito imene emoji imagwira, yomwe ndi kusonyeza mtima umene chiganizo chalembedwera. Imelo ya ntchito kawirikawiri imakhala ndi nkhani imodzi ndi mtima umodzi, choncho chizindikiro chimodzi chimakwana.

Komabe pali maimelo ambiri amene safuna ngakhale imodziyo. Yoyamba ndi imelo yopita kwa munthu amene sanalemberanepo ndi wolembayo. Mu 2017, Ella Glikson, Arik Cheshin ndi Gerben van Kleef anafalitsa kafukufuku wa kankhope komwetulira m'maimelo a ntchito ochokera kwa munthu wachilendo. Anapeza kuti kankhopeko sikanachititse owerenga kumuona wolembayo ngati wansangala kwenikweni, koma kanachititsa kuti amuone ngati wosadziwa bwino ntchito yake. Poyankha, owerengawo ankaperekanso mfundo zochepa. Kumwetulira kwa pamaso kumakopa, koma kwa pakompyuta sikugwira ntchito yomweyo pamene anthu sanadziwane.

Emoji siyeneranso mu imelo yofunsira ntchito, yodandaula, yopepesa, yochenjeza wantchito ndi iliyonse yokamba za mitengo ndi mgwirizano. Apa ngozi yake imapitirira kuoneka wachibwana. Ku Saskatchewan m'dziko la Canada, wogula mbewu wa kampani ya South West Terminal anatumizira mlimi chithunzi cha mgwirizano wogula fulakisi n'kumupempha kuti atsimikize. Mlimiyo anayankha ndi 👍 basi. Mbewuyo sinaperekedwe, ndipo iye ankati chalacho chinangotanthauza kuti uthenga wafika. Mu 2023 khoti linagamula kuti chinali chivomerezo, popeza awiriwa anali atagulitsanapo kale mwa mayankho afupiafupi otere, ndipo linalamula kuti alipire madola a ku Canada oposa 82,000. Unali uthenga wa pafoni, koma mu imelo vuto lake n'lomwelo: 👍 imatha kutanthauza "ndaona" kapena "ndavomera", ndipo wolandira amasankha tanthauzo lomukomera.

Pamene anthu azolowerana, njira yabwino ndi kutsata wamkulu kapena kasitomala. Iye akayamba kuika emoji, winayo akhoza kubweza imodzi. Imelo ikakhala ndi anthu ena pa Cc, amene ayenera kuganiziridwa ndi wosazolowereka kwambiri pa onsewo, chifukwa nayenso aiwerenga.

Malo a emoji ndi kumapeto kwa chiganizo chimene ikuchifewetsa, mawu onse atatha. Tiyerekeze kuti mwini kabizinesi kosindikiza akukumbutsa kasitomala wakale za ngongole. Akhoza kulemba kuti: "Zikomo kwambiri chifukwa cha oda ya mwezi watha, tinasangalala kugwira nanu ntchito 🙂 Tikukumbutsani kuti invoyisi ya K450,000 iyenera kulipidwa pofika Lachisanu." Kankhopeko kali pa kuthokoza, ndipo chiganizo cha ndalama chaima chokha, chomveka. Kakasunthidwa n'kuikidwa pambuyo pa mawu akuti Lachisanu, uthenga umasintha. Wina angaone ngati tsikulo ndi lokambirana, wina angamve ngati akunyogodoledwa. Akawonjezapo manja opempha ndi kathumba ka ndalama, chikumbutsocho chimaoneka ngati uthenga wa pagulu la WhatsApp, ndipo sichingasonyezedwe bwino kwa akauntanti pakabuka mkangano.

Emoji isalowe m'malo mwa liwu pakati pa chiganizo. Wolemba "tikumane 📅 lomwe tinagwirizana" wasiya mfundo m'manja mwa chithunzi chimene sichioneka mofanana paliponse. Apple, Google, Samsung ndi Microsoft aliyense amajambula maemoji mwa njira yake, ndipo chipangizo chakale chikalandira emoji yatsopano chimangoonetsa kabokosi kopanda kanthu. Kwa zaka zambiri, Outlook inkasandutsa :) kukhala kankhope ka zilembo za Wingdings, ndipo olandira ambiri ankangoona J ali yekha kumapeto kwa chiganizo. Mayeso ake ndi osavuta: emoji ikachotsedwa, chiganizo chizimvekabe chathunthu.

Palinso anthu osaona amene amagwiritsa ntchito mapulogalamu owerenga mokweza. Pulogalamu yotere imatchula dzina la emoji iliyonse, motero zithunzi zapakati pa mawu zimadula chiganizo, ndipo mndandanda wa zisanu umakhala phokoso lokhalokha.

Pamutu wa imelo, emoji imazolowereka m'mauthenga otsatsa malonda, ndipo ngakhale mmenemo imodzi imakwana, popeza foni imaonetsa mawu ochepa chabe a mutuwo. Imelo ya munthu kwa munthu ikakhala ndi emoji pamutu imaoneka ngati yotsatsa, ndipo wotanganidwa amaidumpha. Pa siginecha napo siyenera, chifukwa siginecha imadziika yokha pa imelo iliyonse, kuphatikizapo yopepesa maliro kapena yokana pempho la munthu.