Setifiketi ya bizinesi siiteteza dzina la pabotolo

Tiyerekeze mayi wa ku Mchinji amene amagaya chiponde n'kumagulitsa m'magolosale a mu Lilongwe. Malonda atagwira, akupeza pashelefu botolo la munthu wina, dzina lake lomwelo, mtundu wa lebulo womwewo. Akutulutsa setifiketi ya bizinesi kuti akadandaule, koma akumuuza kuti pepalalo limangosonyeza kuti bizinesi yake ndi yodziwika kuboma. Pa dzina la pabotolo silinena kanthu. Mlandu angathe kusuma ndithu, koma adzayenera kutsimikizira khoti kuti ogula ankadziwa kale dzinalo ngati lake, ndipo umboni wotere umadya ndalama.

M'kalasi ya malamulo a bizinesi amaphunzitsa njira zitatu zotetezera zimene munthu wapanga ndi nzeru zake. Patenti ndi ya chinthu chatsopano kwenikweni, monga makina ogayira opangidwa mwanjira imene sinaonekepo, ndipo m'mayiko ambiri imatha pakapita zaka 20. Chiponde cha masiku onse sichingaipeze, ndipo amene waonetsa makina ake pachionetsero asanapereke fomu akhoza kudziphera yekha mwayi. Umwini wa luso, umene oimba amaudziwira ku COSOMA, umateteza nyimbo, mabuku ndi zojambula. Umabadwa wokha ntchito ikangopangidwa, ndipo pansi pa lamulo la 2016 umakhalapo moyo wonse wa mwiniwake ndi zaka zina 50. Chimene mayi wathu akusowa ndi chachitatu: kulembetsa chizindikiro cha malonda, malinga ndi lamulo la 2018, ku nthambi ya boma yolembetsa makampani ndi zizindikiro.

Papepala ndondomeko yake ndi yaifupi. Mumafufuza m'kaundula ngati dzinalo lilibe mwini, mumapereka fomu ndi chithunzi cha chizindikiro, ofesi imaunika, imalengeza poyera kuti wotsutsa atsutse, kenako setifiketi imatuluka. Imagwira ntchito zaka 10, ndipo mumaionjezera zikatha.

Pamene zinthu zimaima ndi pa kuunika. Dzina longofotokoza katundu, monga kutchula chiponde kuti chokoma kapena cha ku Mchinji, limakanidwa, chifukwa mawu amenewo wogaya aliyense wa ku Mchinji ali ndi ufulu wowagwiritsa ntchito. Chovuta n'chakuti ochita malonda amakonda maina otere, poti amamveka msanga kwa wogula. Dzina lofanana kwambiri ndi limene lili kale m'kaundula nalonso limakanidwa, ngakhale mutasintha chilembo chimodzi, pakuti woona fomu amafunsa ngati wogula wothamanga angasokonezeke. Kufufuza koyamba kuja ambiri amakulumpha pofuna kupulumutsa ndalama, n'kukasindikiza malebulo a chaka chonse. Yankho lokana likabwera patapita miyezi, malebulo aja asanduka zinyalala. Kalata ya ofesi yofunsa mafunso imapita ku adiresi imene munalemba pafomu, ndipo mukapanda kuyankha m'nthawi yake pempho limatengedwa ngati mwalisiya. Musadikire kuti wina akuimbirani foni. Fayilo yopanda woilondola imagona.

Palinso nkhani ya magulu, imene pakauntala saifotokoza kawirikawiri pokhapokha mutafunsa. Katundu ndi ntchito zonse zinagawidwa m'magulu 45, ndipo chitetezo chanu chimakhudza katundu amene mwatchula pafomu. Chiponde chili m'gulu 29. Mayi uja akayamba kulongedza uchi ndi ufa, zimenezo zili m'gulu 30, pomwe zakumwa zosaledzeretsa zili m'gulu 32. Gulu lililonse lili ndi malipiro ake, choncho dzina limodzi pa katundu wa mitundu itatu ndi mabilu atatu. Onjezanipo ya kufufuza, ya kulengeza, ya setifiketi, thiransipoti, ndi loya ngati wina watsutsa, muona chifukwa chake ambiri amabwerera panjira.

Kanthu kena kamene kamaiwalika ndi mnyamata amene anajambula lebulo pakompyuta. Kumulipira sikutseka mkangano wa mwini wa chojambulacho. Musainirane pepala lonena kuti umwini wasamukira kwa inu, fomu isanapite.

Setifiketi ya ku Malawi imathera pamalire. Chiponde chikawoloka pa Mwami kupita ku Chipata, dzina lija lilibe chitetezo mpaka mutalembetsanso ku Zambia. Bungwe la ARIPO, limene likulu lake lili ku Harare, limalola fomu imodzi ya mayiko angapo, koma okhawo amene analowa m'pangano la ku Banjul la zizindikiro, ndiye yambani mwaona ngati dziko limene mukufuna kukagulitsako lili m'gululo.