Matumba a chimanga amene sanalembedwe

Ofunsa mafunso akabwerako kumudzi, mayankho onse n'kulowetsedwa m'kompyuta, chinthu choyamba chimene wowerengetsera amakumana nacho ndi mipata. Apa mayi sanatchule zaka zawo, apo bambo anakana kunena ndalama zimene amapeza, kwinako wofunsa anadumpha funso chifukwa dzuwa linali litapendeka. Zimenezi zimachitika pa kafukufuku aliyense, kaya ndi wa ofesi yoona za chiwerengero cha anthu ku Zomba, kaya ndi wa kabungwe kamene kayendera midzi isanu yokha. Chimene wowerengetsera angachite ndi mipatayo chimasintha nambala imene idzalembedwe mu lipoti, ndipo nambala imeneyo ndi imene akuluakulu adzagwiritse ntchito pogawa thandizo.

Tiyerekeze kuti kafukufuku wayendera mabanja 200, ndipo limodzi mwa mafunso ndi lakuti, "Chaka chino mwakolola matumba angati a chimanga a makilogalamu 50?" Mayankho alipo 150, mipata ilipo 50.

Musanachotse kapena kudzaza chilichonse, bwererani ku pepala la mafunso n'kuona chifukwa chake mpata uliwonse ulipo. Tinene kuti mabanja 20 anali atayankha kale kuti sanalime chimanga, ndiye funso la matumba silinawakhudze. Amenewa palibe chimene chasowa. Ngati tikufuna kudziwa zokolola za alimi a chimanga, iwowa sali m'gululo. Otsala ndi alimi 180, ndipo mayankho osowadi ndi 30.

Mipata ina simaoneka ngati mipata. M'kafukufuku wa DHS, amene anachitikanso kuno ku Malawi mu 2015 ndi 2016, nambala 98 kawirikawiri imatanthauza kuti munthu anati sakudziwa, pamene 99 imatanthauza kuti yankho silinalembedwe. Ofufuza ambiri anatengera njira imeneyi. Tsono ngati alimi athu 30 analembedwa 99, munthu n'kungowerengetsera avereji osayang'ana, kompyuta idzaona ngati aliyense wa iwo anakolola matumba 99, ndipo avereji idzakwera kufika pa 29.3. Winanso akalemba 0 m'mipatamo, avereji imatsika kufika pa 12.8, ngati kuti anthuwo sanakolole kanthu. Mu Excel, lamulo la AVERAGE limadumpha malo opanda kanthu koma 0 limamuwerengera. Kuti zotere muzigwire, ndandalikani mayankho onse kuyambira laling'ono kukafika lalikulu, muone ngati pali nambala imodzi imene yaunjikana modabwitsa.

Tsopano tibwere ku njira imene ambiri amathamangira, yochotsa osayankhawo n'kuwerengetsera otsala. Alimi 150 amene anayankha akupereka avereji ya matumba 15.3. Nambala imeneyi ingakhale yodalirika pokhapokha ngati osayankhawo akufanana ndi oyankha, monga zimakhalira mapepala ena akanyowa ndi mvula kapena batire la tabuleti likatha mwadzidzidzi. Kuti mudziwe, yang'anani mafunso ena amene onse anayankha, monga kukula kwa munda. Tinene kuti mwa alimi 120 a minda ing'onoing'ono, osayankha ndi 10 okha, ndipo oyankhawo anakolola matumba 10 pa avereji. Koma mwa alimi 60 a minda ikuluikulu, osayankha ndi 20, pamene oyankha anakolola matumba 30 pa avereji. Apa zikuonekeratu kuti mipata sinagwe mwangozi. Yachuluka kwa okolola zambiri, ndipo tikawachotsa tikuchepetsa zokolola za dera lonse.

Kuchotsa kulinso ndi vuto lina limene limabwera mwakachetechete. Mapulogalamu ambiri, akamayerekeza mafunso angapo nthawi imodzi, amataya banja lonse ngakhale likusowa yankho limodzi lokha. Ngati mafunso ali 10, ndipo pa funso lililonse mabanja 5 mwa 100 alionse sanayankhe, mipatayo itagwa mwangozi, mabanja 200 aja angatsale pafupifupi 120. Nthawi zonse onani kuti atsala angati.

Nanga kudzaza? Kulemba avereji ya onse, 15.3, m'mipata yonse 30 sikukonza kanthu. Avereji imakhalabe 15.3 yokhota ija, ndipo tawonjezera bodza lakuti alimi 30 anakolola mofanana ndendende, zimene zimachititsa kuti kusiyana kwa olemera ndi osauka kuoneke kochepa. Njira yabwinoko ndiyo kudzaza potengera gulu la munthu: wa munda waung'ono tim'patse 10, wa munda waukulu tim'patse 30. Tikatero matumba onse akukwana 3,000, ndipo tikagawa kwa alimi 180 avereji ikukhala 16.7. Kusiyana kwa 15.3 ndi 16.7 kungaoneke kochepa, koma pa mabanja 10,000 ndi matumba oposa 13,000.

Ngakhale njira imeneyi imatipangitsa kudzidalira mopitirira, chifukwa nambala zongoganizira taziika pamodzi ndi zenizeni ngati zonse tinazimva kwa eni ake. Katswiri wa ku America, Donald Rubin, amene mu 1976 anafotokoza mitundu ya kasowedwe ka mayankho, anadzalemba buku mu 1987 la njira yodzaza kangapo. Mpata uliwonse umadzazidwa maulendo angapo ndi nambala zosiyana pang'ono, kuwerengetsera kumachitika pa ulendo uliwonse, kenaka zotsatira zimaphatikizidwa. Kusiyana kwa zotsatirazo ndiko kumasonyeza kukula kwa chikayiko chathu.

Pali mpata umene masamu sangautseke, ndipo ndi umene umandidetsa nkhawa kwambiri. Munthu angakane kuyankha chifukwa cha yankho lenilenilo. Bambo wokolola zochuluka akaona mlendo ali ndi cholembera amaganiza kuti dzina lawo lichotsedwa pa mndandanda wa olandira feteleza wotsika mtengo, ndiye amangoti, "Aaa, achimwene, sitinawerenge, china chikadali m'nkhokwe." Ngati ndi choncho, alimi 20 a minda ikuluikulu amene sanayankhe mwina anakolola kuposa anzawo amene anayankha, ndipo mafayilo sangatiuze zimenezo. Chimene tingachite ndi kuyesa: akanakhala kuti anakolola matumba 40 aliyense, avereji ikanakhala 17.8. Ngati chiganizo chimene akuluakulu akufuna kupanga sichisintha pakati pa 16.7 ndi 17.8, tingapitirire. Ngati chikusintha, lipoti linene poyera, ndipo ngati nthawi ilipo ofunsa abwererenso kwa ena mwa mabanjawo.

Chilichonse chimene mwachita, siyani chizindikiro. Danga la mayankho oyambirira lisakhudzidwe. Pambali pake tsegulani lina la nambala zokonzedwa, ndi lachitatu lolemba kumene nambala iliyonse yachokera: 0 ngati anayankha mwini wake, 1 ngati yadzazidwa, 2 ngati anakana, 3 ngati funso silinamukhudze. A DHS amachita zofanana ndi masiku obadwa: mwezi kapena chaka chikasowa amachiyerekeza, koma amasunga chizindikiro chosonyeza kuti tsikulo linali lathunthu kapena ayi. Zizindikiro zotere zimaululanso zina. Mukaziwerenga potengera wofunsa aliyense, mungapeze kuti mipata 18 mwa 30 yachokera kwa munthu mmodzi, ndiye kuti vuto silili kwa alimi koma pa kafunsidwe kake, ndipo woyang'anira ayenera kumuperekeza mawa lake gulu lisanachoke m'deralo.

Pansi pa tebulo la mu lipoti palembedwe kuti avereji ya matumba 16.7 yachokera kwa alimi 180, ndipo 30 mwa iwo nambala zawo zinadzazidwa potengera kukula kwa munda.