Dzira likamira m'madzi si ndiye kuti lilibe matenda

Mwagula mazira asanu ndi limodzi pa okala, ndipo simukudziwa kuti akhala masiku angati pa thireyi. Ambiri mumadziwa kale njira yowayesera: kuthira madzi m'bakuli n'kuona ngati dzira limira kapena liyandama. Njirayi ndi yothandiza, koma imangokuuzani ngati dziralo ndi latsopano kapena lakhalitsa. Siikuuzani ngati lili ndi tizilombo toyambitsa matenda.

Chigoba cha dzira chili ndi timabowo masauzande ambiri tosaoneka ndi maso. Nkhuku ikangoikira, dzira limazizira, zam'kati zimafinyikira pang'ono, ndipo kumbali yaikulu ya dziralo kumatsala kampata ka mpweya. Masiku akamapita, madzi a m'dzira amauma pang'onopang'ono kudzera m'timabowo tija, mpweya n'kumalowa m'malo mwake. Kampata kaja kamakula, dzira n'kumapepuka. M'nyengo yotentha, monga mu Okutobala, izi zimachitika msanga kuposa m'miyezi yozizira.

Poyesa, thirani madzi oyera m'bakuli lakuya kuti dzira limire lonse. Musathire mchere, chifukwa m'madzi amchere wambiri ngakhale dzira la lero limayandama. Ikani limodzilimodzi mosamala kuti lisasweke.

Tiyerekeze kuti mwa mazira anu aja, atatu amira n'kugona chammbali pansi pa bakuli. Amenewa ndi atsopano. Awiri amira koma aimirira, mbali yaikulu ili kumwamba. Amenewa akhalitsako, koma nthawi zambiri amakhala abwino, ndipo ndi amene muyenera kuyamba kuphika. Limodzi layandama pamwamba. Limeneli ndi lakale kwambiri. Mwina langouma, mwinanso lasukusa, ndipo madzi sangasiyanitse ziwirizi. Liswereni m'kapu payokha. Ngati likununkha, kapena lasintha mtundu n'kukhala lobiriwira, lakuda kapena lofiirira, litayeni ndipo mutsuke kapuyo ndi sopo. Ngati mukukayikabe, musapatse mwana.

Tsopano yang'ananinso atatu omira aja. Limodzi lili ndi mng'alu komanso zitosi pachigoba. Ngakhale lamira bwino, ndi limene lingakudwalitseni kuposa awiri oimirira aja, chifukwa mng'alu ndi khomo la tizilombo. Dzira lotere ndi lofunika kutaya.

Kachilombo kamene timaopa kwambiri m'mazira ndi bakiteriya wotchedwa salimonela. Amapezeka m'zitosi za nkhuku, ndipo nthawi zina amalowa m'dzira likadali m'mimba mwa nkhuku, chigoba chisanapangidwe. Sasintha kulemera kwa dzira, fungo lake kapena maonekedwe ake. Choncho dzira loikiridwa m'mawa uno, loyera bwino, lomira mpaka pansi, litha kukhala naye.

Munthu akadya dzira lotere losapsa bwino, amayamba kutsekula m'mimba, kupotokola, kutentha thupi ndipo nthawi zina kusanza. Zizindikirozi zimayamba pakadutsa maola 6 mpaka masiku 6, n'chifukwa chake ambiri saganizira za dzira limene anadya dzana. Ana osakwana zaka zisanu, amayi oyembekezera, okalamba ndi anthu amene chitetezo chawo cha m'thupi chatsika ndiwo amadwala kwambiri. Mwana akayamba kutsekula, mupatseni madzi a Thanzi ndipo pitirizani kumuyamwitsa kapena kumudyetsa. Mukaona magazi m'chimbudzi, maso olowa m'kati, kufooka kwambiri kapena kukana kumwa, thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Kuyesa kwenikweniko kumawononganso chitetezo cha dzira. Nkhuku poikira imakuta chigoba ndi kachikuto kopyapyala kotseka timabowo tija. Madzi amachotsa kachikutoka, ndipo ngati ndi ozizira kuposa dzira, zam'kati zimafinyikira n'kukokera dothi la pachigoba m'kati. Choncho musayese thireyi yonse n'kuisunganso. Yesani okhawo amene muphike nthawi yomweyo, kenako tayani madziwo, tsukani bakuli ndipo sambani m'manja ndi sopo. Mazira osunga musawatsuke. Ngati ali ndi kadothi, apukuteni ndi kansalu kouma, n'kuwaika pamalo ozizira kapena m'filiji ngati muli nayo.

Chimene chimapha salimonela ndi moto. Wiritsani dzira kwa mphindi 10 kuyambira pamene madzi abwata. Mukakazinga, dikirani mpaka choyera ndi chachikasu chomwe zilimbe. Ngati mukuthira dzira m'phala la mwana, lithireni phala lili pamoto n'kutakasa mpaka lipse, osati m'mbale mutaphula kale.

Inu odzipereka pa zaumoyo, mukamaonetsa njira ya bakuli pa sikelo ya ana kapena pa maphunziro a kaphikidwe m'mudzi, musalekere pa kumira ndi kuyandama. Swani dziralo m'kapu anthu akuona, kenako liphikeni mpaka chachikasu chilimbe, kuti makolo aone ntchito yonse.