KANYUNDO KA DOTOLO PA BONDO

Ena a inu munaperekezapo wodwala ku chipatala, ndipo munaona dotolo akumukhazika pa bedi, miyendo ili lende, ndi kumumenya pang'ono m'munsi mwa bondo ndi kanyundo ka mphira. Mwendo unadzidzimuka wokha, nuponyera phazi kutsogolo. Lero tikufotokozerani chimene dotolo amafuna pochita zimenezi. Madotolo awiri a ku Jeremani, Erb ndi Westphal, analemba za kuyesa kotere m'chaka cha 1875.

M'kati mwa mafupa a msana mumadutsa chingwe cha mitsempha chochokera ku bongo. Dotolo akamenya pa mtsempha wolimba wa m'munsi mwa bondo, mnofu wa kutsogolo kwa ntchafu umakokeka pang'ono. Mtsempha wina umanyamula uthenga wa kukokekako kupita nawo ku chigawo cha m'munsi cha chingwe chija. Kumeneko uthenga umapatsidwa kwa mtsempha wachiwiri, umene umabwerera ku mnofu womwewo ndi kuuuza kuti ukungike. Ulendo wonsewu umatha uthenga usanafike ku bongo. Ndicho chifukwa chake munthu amangoona mwendo wake waponyeka.

Koma bongo uli ndi ntchito yake. Mitsempha yotsika kuchokera ku bongo imagwira njira imeneyi monga mlimi agwira chingwe cha ng'ombe za pangolo, kuti zisathamange. Tsono matenda angathe kuwononga malo awiri: kumwamba, m'bongo kapena m'chingwe cha mumsana, kapena kumunsi, pa mitsempha imene imatuluka kupita ku mnofu.

Tiyerekeze kuti m'mudzi mwanu muli odwala awiri, onse mwendo wakumanja wafooka. Woyamba ndi bambo wa zaka 60 amene anagwa ndi sitiroko miyezi iwiri yapitayo. Dotolo akamenya bondo lakumanzere, phazi limasuntha pang'ono. Akamenya lakumanja, limaponyeka mwamphamvu. Mwendowo ndi wouma, umakana kupindika. Dotolo akakanda kunsi kwa phazi kuyambira kuchidendene, chala chachikulu chimaloza kumwamba, pamene cha munthu wabwino chimapindikira pansi. Chizindikiro ichi anachifotokoza dotolo Babinski wa ku Falansa mu 1896. Apa njira ya pakati pa mnofu ndi msana ili yamoyo, koma wogwira chingwe uja wataya. Vuto lili kumwamba.

Wachiwiri ndi mwana wa zaka 4 amene anatentha thupi, ndipo patapita masiku ochepa mwendo unalefuka. Mwendowo ndi wofewa ngati nsanza. Dotolo akamenya bondo, palibe chichitika, ngakhale mwanayo akumva bwino akamukhudza. Pakapita masabata, ntchafu imayamba kuwonda. Apa njira yadukira kumunsi, ndipo uthenga sufikanso ku mnofu. Poliyo imachita chomwechi, chifukwa imawononga malo a mumsana pamene mitsempha yopita ku mnofu imayambira.

Kanyundo kokha sikagamula mlandu. Munthu akangogwa kumene ndi sitiroko, kapena akangothyoka msana, mwendo ungakhale wofewa, wosadzidzimuka kwa masiku kapena masabata, ndipo kuuma kumadza pambuyo. Motero dotolo amayesanso tsiku lina. Wodwala wamantha akaumitsa mwendo, bondo silingayankhe. Pamenepo dotolo amamuuza kuti akoleke zala za manja awiri ndi kukoka, kuti aiwale mwendowo. Anthu ena abwinobwino mawondo awo amadzidzimuka kwambiri, ena pang'ono, ndipo chimene dotolo amayang'ana makamaka ndi kusiyana kwa mbali ziwiri. Khanda losakwana chaka chala chake chimaloza kumwamba mwachibadwa, si matenda ayi.

Inu mafumu, gwirani mfundo ziwiri izi. Mwana aliyense wosakwana zaka 15 akalefuka mwendo kapena mkono mwadzidzidzi, uzani azaumoyo tsiku lomwelo, kuti atenge chimbudzi chake ndi kukachiyesa. Mu 2022 boma la Malawi linalengeza kuti mwana wina ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo, ndipo matendawa akagwira mmodzi, ana ena osalandira katemera ali pangozi. Chachiwiri, munthu amene wakhala akumva msana kuwawa, miyendo yonse iwiri nikuyamba kuuma ndi kufooka, mutumizeni ku chipatala msanga. Nthawi zina chimakhala chifuwa chachikulu chimene chalowa m'mafupa a msana ndi kupanikiza chingwe chija. Akalandira mankhwala msanga angathe kuyendanso, koma akachedwa kupuwala kungakhazikike.

Mukafika kwa dotolo, muuzeni tsiku limene kufooka kunayamba, ndiponso ngati kunadza mwadzidzidzi kapena pang'onopang'ono.