Mukamuuza Wopanga Apu Kuti Pali Vuto

Mayi wina wa sitolo ya zovala analemba ganyu mnyamata wodzigwirira yekha ntchito kuti amupangire apu yolandirira maoda. Tsiku lina apu ija inavuta, mayiwo n'kulemba kuti, “Sikugwira ntchito, konzani.” Mnyamatayo anayesa pa foni yake, zonse zinali bwinobwino. Akonza chiyani pamenepo? Wopanga apu amafunika aliyambitse yekha vutolo, alione ndi maso ake, asanalikonze.

Uthenga wachiwiri unali wosiyana: “Achimwene, ndikugwiritsa ntchito Samsung Galaxy A12 ya Android 11, pa intaneti ya m'foni. Ndatsegula apu, ndasankha madiresi awiri, ndalemba nambala ya kasitomala moyamba ndi +265, kenako ndadina Send. Ndimayembekezera uthenga wotsimikiza oda, koma apu yangotsekeka. Ndayesa katatu, n'chimodzimodzi. Nambala ikayamba ndi 0, oda ikupita.”

Chiganizo chomalizacho ndiye chagolide. Chikusonyeza pamene zikuyenda ndi pamene zikukanika, ndipo mnyamatayo anadziwiratu kuti apu ikupunthwa pa chizindikiro cha +. Kunena zomwe mumayembekezera kumathandizanso, chifukwa nthawi zina apu imachita ndendende zomwe anaipangira, kungoti inu ndi iye munamvana mosiyana.

Ambiri amangoti “foni yanga ndi Samsung,” koma ma Samsung alipo ankhaninkhani. Dzina lenileni mulipeza mu Settings, pa About phone. Mukamajambula sikirini kuti mutumize, bisani kaye nambala za makasitomala anu.