Kulondola moyo wa Zwangendaba, mfumu imene sinasiye kalata

Zwangendaba Jere anatsogolera Angoni kuchokera kudera limene lero ndi KwaZulu-Natal mpaka kukafika ku Ufipa, kum'mwera chakumadzulo kwa Tanzania. Ulendowu unatenga zaka pafupifupi 30, koma pagulu lonselo panalibe mlembi. Palibe kalata imene mfumuyi inasiya, ndipo palibe mlendo amene anakhala nayo pansi n'kulemba mawu ake. Chikhalirecho lero tikutha kunena yemwe anali bambo wake, njira imene anadzera, mwezi umene anawoloka Zambezi ndi malo amene anamwalirira. Zonsezi zinachokera m'kamwa mwa anthu. Koma si zonse zimene akuluakulu ananena zimene zinalowa m'mbiri monga zoona. Pali njira yopetera, ndipo moyo wa Zwangendaba umaionetsa bwino njirayo.

Ntchito imayamba ndi kufunsa kuti wokamba nkhaniyo anaimva kwa yani. Gogo akanena kuti anamva kwa agogo ake, amene anawoloka mtsinje ali kumsana kwa mayi awo, ndiye kuti tingathe kuwerenga pakamwa pamene nkhaniyo yadutsa. Pa nkhani ya Zwangendaba mzere umenewu ndi waufupi. Amishoni a Livingstonia atayamba ntchito ku Njuyu m'zaka za m'ma 1880, ana a mfumuyo anali adakali moyo. M'mbelwa anamwalira mu 1891 ndipo Mpezeni mu 1900. Dokotala Walter Elmslie, amene buku lake lonena za Angoni linatuluka mu 1899, ankacheza ndi nkhalamba zimene zinayenda ulendowo ndi mapazi awo. Pambuyo pake Mbusa Yesaya Chibambo anasonkhanitsa zimene akuluakulu a ku Mzimba ankakumbukira. Nkhani imene yadutsa pakamwa pawiri kapena patatu imasunga maina ndi malo bwino kuposa imene yadutsa pakamwa khumi.

Komabe mboni imodzi, ngakhale ikhale nkhalamba ya nzeru chotani, siikwanira. Mphamvu ya mbiri yapakamwa imaoneka pamene anthu amene analekana kalekale akunena chinthu chimodzi. Zwangendaba atamwalira, mtundu wake unagawanika. A Mpezeni anakakhazikika kudera la Chipata, a M'mbelwa ku Mzimba, gulu la Zulu Gama linalowera ku Songea, ndipo ena anapitirira kumpoto cha kunyanja ya Victoria. Magulu amenewa anakhala zaka zambiri motalikirana, ena ali pa udani. Choncho ngati wa ku Chipata ndi wa ku Mzimba, aliyense payekha, akunena kuti mfumuyo inali mwana wa Hlatshwayo, kuti inkamenya nkhondo pansi pa Zwide wa Andwandwe, ndi kuti inanyamuka Zwide atagonja kwa Shaka, n'zovuta kuganiza kuti anapangana. Mfundo yotere inalipo iwo asanalekane. Chimodzimodzi ndi mndandanda wa malo: kuwoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo, kukhala pakati pa Ansenga, kufika ku Mabiri, kenako ku Ufipa. Malo amakumbukika bwino chifukwa alipobe, ndipo anthu amene Angoni anawapeza kumeneko ali ndi mbiri yawoyawo ya kubwera kwa alendo a zishango. Wofufuza wanzeru amakafunsanso kwa ogonjetsedwawo, pakuti iwo alibe chifukwa chokometsera mfumu ya adani awo.

Chovuta chenicheni ndi zaka. Akuluakulu sanena kuti zinachitika chaka chakuti. Amanena kuti zinachitika ali kwakuti, chakuti chitangochitika, uje ali mwana. Kuti zimenezi zikhale zaka, pamafunika chochitika chimodzi chimene tingachipeze kunja kwa nkhaniyo. Kwa Zwangendaba chochitikacho ndi kadamsana. Angoni amakamba kuti tsiku limene ankawoloka Zambezi dzuwa linada masana. Akatswiri a zakuthambo amatha kuwerengera chobwerera m'mbuyo tsiku la kadamsana aliyense ndi madera amene anaonekera, ndiye funso limangokhala loti ndi kadamsana uti mwa amene anachitika m'zaka zimenezo.

Apa pali phunziro, chifukwa yankho loyamba silinali lolondola. Elmslie anaika kuwolokako mu 1825. Mu 1930 Edward Lane Poole, yemwe anali mkulu wa boma la atsamunda ku Northern Rhodesia, anaionanso nkhaniyo n'kusonyeza kuti kadamsana woyenera ndi wa mu Novembala 1835. Mabuku ena amalemba tsikulo kuti 19, ena 20. Chaka cha 1835 chinapambana chifukwa chimagwirizana ndi zinthu zina. Kadamsanayo anaoneka kudera la Zambezi. Nkhondo ya Zwangendaba ndi Soshangane, imene inachitikira kum'mwera kwa mtsinjewo, imaikidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1830, kutanthauza kuti mu 1825 Angoni anali asanafike. Ndipo Novembala ndi kumapeto kwa chilimwe, pamene madzi a Zambezi amakhala atatsika kwambiri, nthawi yoti chikhamu cha anthu, ana ndi ng'ombe chingayese kuwoloka. Kadamsana payekha akanatha kusocheretsa. Anakhala umboni pamene malo, nyengo ndi zochitika zina zinamuvomereza.

Chaka chimodzi chikakhazikika, zina zimawerengedwa kuchokera pamenepo. Akuluakulu ankakumbukira kuti pamalo akuti anakololapo kangati, ndi ana ati amene anabadwira pamenepo. Kwa Ansenga anakhalako zaka zinayi kapena zisanu, zimene zikutifikitsa cha m'ma 1840. Kenako anakhala zaka zingapo ku Mabiri, ku Mzimba ya lero, kumene a kumpoto amati M'mbelwa anabadwira. Atachoka uko anakamanga mudzi wa Mapupo ku Ufipa, kumene mfumu inamwalirira. Kuphatikiza zonsezi kumaika imfa yake pakati pa 1845 ndi 1848, ndipo olemba ambiri amati cha mu 1848. Taonani kusiyana kwake: kuwoloka tikukudziwa mpaka mwezi, pamene imfa tikuidziwa mongoyandikira. Tikamatalikira chaka chokhazikika chija, kulakwa kwa chaka chimodzi apa ndi china apo kumawunjikana. Wolemba woona mtima amasiya mpata umenewo poyera, sautseka ndi chaka chokongola.

Pamene palibe kadamsana, ofufuza amawerenga mibadwo, kupereka zaka 25 mpaka 30 kuchokera kwa bambo kufika kwa mwana. Njirayi imathandiza, koma ili ndi misampha. Mfumu imene inalamulira nthawi yochepa, kapena imene inachotsedwa mochititsa manyazi, imatha kusowa pamndandanda. Abale awiri olowana ufumu amatha kusanduka bambo ndi mwana, zaka n'kutalika popanda chifukwa. Kwa Achewa, kumene wolowa ufumu amalowanso dzina, ntchito za mafumu angapo otchedwa Kalonga kapena Undi zimatha kuwunjikidwa pa munthu mmodzi. Chizindikiro chake ndi mfumu imene ikuoneka kuti inachita zinthu zosakwanira m'moyo wa munthu mmodzi. Mukaona zotere, funsani za mayi wa mfumu ya pa nkhani iliyonse ndi kumene inaikidwa. Amayi ndi manda akakhala osiyana, anthunso ndi osiyana.

Pali mbali ina pamene mboni zija, zimene zinagwirizana pa njira ndi malo, zimalekana. Mbali imeneyi ndi ya ufumu. Mwa Angoni wolowa ufumu amachokera ku nyumba yaikulu, ndiye funso loti nyumba yaikulu ya Zwangendaba inali iti ndi funso loti ufumu ndi wa yani. Pali nkhani yotchuka ya mowa umene unapita kwa mfumu n'kupezekamo tsitsi. Mfumu inati ndi ufiti, n'kulamula kuti mudzi umene munachokera mowawo uwonongedwe, koma Soseya, amene anali ndi pakati, anabisidwa n'kubereka Mpezeni. Kwa a ku Mzimba nkhaniyi imasonyeza kuti nyumbayo inataya ulemu wake, ufumu n'kupita ku nyumba ya Munene, mayi wa M'mbelwa. Kwa a ku Chipata, Mpezeni ndiye mwana wamkulu amene bambo ake anamulandira, ndipo ufumu sunachoke kwa iye. Wofufuza saweruza mlanduwu powerenga kuti mbali iti ili ndi anthu ambiri. Amatenga zimene mbali zonse zikuvomereza, monga maina a amayiwo, kuti Mpezeni anali wamkulu pobadwa ndi kuti mfumu itamwalira panabuka mkangano. Zotsalazo amazilemba monga zonena za nyumba yakuti. Amasamala kwambiri mfundo imene wokamba akuivomereza ngakhale ikumuchepetsa, pakuti munthu sapeka nkhani yoluzitsa nyumba yake.

Zodabwitsa nazo zili ndi malo ake. Ena amakamba kuti mfumuyo inamenya madzi ndi ndodo, mtsinje n'kupatuka. Sitiitaya nkhaniyi, komanso sitiilemba monga zimene zinachitika tsikulo. Imatiuza mmene anthu ankaionera mfumu yawo, ndipo kufanana kwake ndi nkhani ya Mose kumatichititsa kufunsa ngati inkakambidwa chomwecho Baibulo lisanafike kapena inasintha pambuyo pake. Pa mbiri ya asing'anga ndi alauli funso limeneli ndi lalikulu zedi, chifukwa moyo wawo umakumbukidwa makamaka kudzera m'zozizwitsa.

Masiku ano msampha waukulu ndi buku limene labwerera kumudzi. Zimene Chibambo ndi ena analemba zinawerengedwa m'masukulu, zinamveka pawailesi, ndipo zimabwerezedwa pa Umthetho ku Hora ndi pa Ncwala ku Mtenguleni. Gogo akakuuzani lero kuti Zwangendaba anawoloka pa 19 Novembala 1835, dziwani kuti tsikulo silinachokere kwa makolo ake, chifukwa iwo sankawerenga masiku motero. Linachokera m'buku. Anthu khumi obwereza buku limodzi ndi mboni imodzi. N'chifukwa chake wofufuza amafunsa aliyense payekha asanawasonkhanitse pabwalo, pamene mawu a mfumu ndi nduna amaphimba ena onse. Amafunsanso amayi achikulire, amene amadziwa bwino za maukwati ndi kubadwa kwa ana. Amajambula mawu m'chinenero cha wokambayo, amalemba dzina la amene anamuuza, ndipo amafunsa mosabisa ngati anawerengapo nkhaniyo.

Zikapetedwa chonchi, zotsala n'zochepa kuyerekeza ndi zimene zimakambidwa pamwambo: kholo, mbuye amene anamutumikira, njira, akazi ndi ana, mwezi umodzi wotsimikizika ndi zaka zoyandikira za imfa. Mawu enieni a mfumuyo ndi maganizo a mumtima mwake njira imeneyi siingawabweze. Koma zochepazo n'zolimba, chifukwa chilichonse chili ndi mboni zosapangana. Amene akufuna kulemba za mfumu kapena sing'anga wa kwawo ayambe ndi kufunafuna nthambi ya banja imene inasamuka kalekale, chifukwa imeneyo ndiyo ingatsimikize kapena kutsutsa zimene zimakambidwa pamudzi.